Ndime ya pamwamba pa CV ya mayi amene akubwerera ku ntchito atalera ana

"Ndinali kalaliki wosunga katundu pa kampani ina yogula thonje ku Ngabu kuyambira 2011 mpaka 2017. Ndinasiya mwana wachiwiri atabadwa, ndipo ndakhala pakhomo zaka 8. Pano kopaletivu ina ya alimi a nzimbe ikufuna kalaliki. CV yanga ndi iyi ndakutumiziraniyi. Kodi ndime ya pamwamba ija ndilembemo chiyani? Zaka zomwe ndakhala pakhomozi ndizitchule kapena ndingokhala chete?" (Mayi wa ku Nchalo)

Zitchuleni, Mayi, koma zisakhale poyambira, ndipo zisapitirire chiganizo chimodzi chachifupi. Ndime yonseyo ikhale ya ziganizo zinayi kapena zisanu, mawu osapitirira 70, ndipo gawo lalikulu likambe za ntchito yosunga katundu, chifukwa ndi yomwe kopaletivuyo ikufuna kukulipirani.

Ndakhalapo m'makomiti osankha anthu oti aitanidwe ku intavyu, ndipo zimene zimachitika m'chipindamo n'zosiyana ndi mmene ofunsira ntchito amaganizira. Pa tebulo pamakhala mulu wa maenivulopu, pambali pali pepala la zomwe zinalengezedwa zija: MSCE, satifiketi yakutiyakuti, zaka zingapo pa ntchito yofanana nayo, kudziwa kompyuta. Wowerengayo amatsegula CV ali ndi cholembera m'manja, akufuna pochonga. Maso ake amayamba kugwera pa ndime ya pamwamba, imene ambiri amailembera kamutu kakuti "Profile". Akapeza pomwepo dzina la ntchito, zaka ndi satifiketi, amapitiriza kuwerenga ali kale kumbali yanu. Akapanda kupeza, amafunika kukumba yekha m'munsimo, ndipo pofika enivulopu ya chimakumi asanu, kunja kukutentha mmene kumatenthera ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, si onse amene amakumba.

Tsono tiyeni tione ndime yomwe mwalemba. CV mwailemba m'Chingelezi monga mmene ziyenera kukhalira, koma tanthauzo lake ndi ili: "Ndine mayi wapabanja wa ana atatu, wolimbikira, wokhulupirika ndi woopa Mulungu. Ngakhale ndakhala nthawi yaitali osagwira ntchito chifukwa cha udindo wapakhomo, ndikupempha mwayi woti ndionetse luso langa pa bungwe lanu lolemekezeka." Palibe bodza m'menemo. Vuto ndi lakuti munthu akafika kumapeto sakudziwabe kuti mumagwira ntchito yanji. Mawu akuti katundu, sitolo kapena kaundula mulibemo. Zaka 6 zomwe munagwira ku Ngabu mulibemo. Chomwe waphunzira n'chakuti muli ndi ana atatu ndipo mwakhalitsa pakhomo. Zili ngati wogulitsa nsomba pa msika wa Bangula amene wayamba kufotokoza chifukwa chomwe sanabwerere sabata yatha, dengu lili chivundikirire, wogula asanaone ngati muli chambo kapena mlamba.

Kulimbikira, kukhulupirika ndi kuopa Mulungu zichotseni. Sindikuti n'zopanda pake, koma pafupifupi enivulopu iliyonse pa mulu uja ikunena zomwezo, choncho sizikusiyanitsani ndi aliyense. Pa ntchito yosunga katundu kukhulupirika kumaoneka ndi chinthu chogwirika, monga kuti mafungulo a sitolo ankakhala ndi inu zaka zingati, kapena kuti owerengera katundu akabwera ankapeza zotani.

Chiganizo choyamba chinene chimene inu muli pa ntchito, ndipo chilembedwe ngati za lero: "Kalaliki wosunga katundu wa zaka 6 pa ntchitoyi, wokhala ndi MSCE ndi satifiketi ya zosunga ndi kugula katundu." Amayi ambiri amachita manyazi kudzitchula choncho, amati ndinasiya kalekale. Zaka 6 zija sizinafufutike pomwe munasiya. Chimene simuyenera kuchita ndi kuwonjezera zaka za pakhomo pa zaka za ntchito n'kulemba kuti 14. Wowerenga akatsika m'munsi n'kuona 2011 mpaka 2017, awerengera yekha, ndipo akakugwirani pamenepo sakhulupiriranso china chilichonse pa pepalapo. Dzina la ntchitolo litengeni mmene alilembera mu chilengezo chawo, bola likhale lofanana ndi zomwe munkachitadi.

Chiganizo chachiwiri ndi umboni. Pa tsamba lachiwiri la CV yanu, pansi penipeni, mwalemba kuti munkalandira ndi kutulutsa mbewu ya thonje, mankhwala opopera ndi matumba za misika 9 yogulira thonje, ndi kuti munkawerengera katundu mwezi uliwonse. Zimenezi n'zomwe zimayenera kukhala pamwamba. Kopaletivu ya nzimbe nayo ili ndi feteleza, mankhwala ophera udzu, mafuta a jenereta, mapaipi ndi zovala zodzitetezera, zonse zolowa ndi kutuluka, ndipo mutu umawapweteka katundu wa m'buku akasiyana ndi wa pa shelefu. Munthu amene anagwirapo makadi a katundu pa nyengo yotanganidwa ya thonje akudziwa kale vuto lawo.

Pano pali msampha wina wa manambala umene umagwira anthu obwerera ku ntchito. Mwalemba kuti munkasunga katundu wa ndalama zokwana K18 miliyoni. M'chaka cha 2016 imeneyo inali ndalama yoti munthu n'kugwedeza mutu. Kuchokera nthawi imeneyo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, osawerengera kukwera kwa mitengo kwa tsiku ndi tsiku. Wachinyamata amene akuwerenga CV yanu lero aona K18 miliyoni ngati kasitolo kakang'ono. Choncho m'ndime ya pamwamba werengani zinthu zomwe sizigwa mphamvu: misika ingati, alimi angati, matumba angati, anthu angati amene munkawayang'anira. Ngati mukufunabe kutchula ndalama, zipite m'munsi ndipo muikepo chaka chake.

Tifike pa zaka 8 zija. Ena amalangiza kuti musazitchule, akafunsa mudzayankha ku intavyu. Pa ntchito zina mwina zingatheke, koma pa ntchito yogwira mafungulo kapena ndalama ine sindivomereza. Ndaonapo zimene zimachitika CV ya kalaliki ikangothera pa chaka china popanda mawu. Mmodzi m'komitimo amafunsa kuti, "Ameneyu anachoka bwanji?" Wina amayankha kuti mwina katundu anasowa. Palibe amene ali ndi umboni, palibenso amene akukuimbirani foni kuti afunse, koma enivulopu ija yapita kale ku mulu wa okayikitsa. Mpata wopanda chifukwa anthu amaudzaza okha, ndipo nthawi zambiri amaudzaza ndi zoipa: kuchotsedwa ntchito, matenda aakulu, mlandu. Kulera ana ndi chifukwa chomwe aliyense m'chipindamo akuchidziwa kunyumba kwake, ndipo chikangotchulidwa funso lija limatha.

Kalembedwe kake ndi aka: "Kuyambira 2017 mpaka 2025 ndinapuma pa ntchito yolembedwa kuti ndilere ana." Basi. Zaka zonse ziwiri zilembedwe, chifukwa chaka chachiwiricho chikunena kuti kupumako kwatha. Mawu akuti "ngakhale", "mwatsoka" kapena "ndinakakamizika" asapezekemo, chifukwa amamveka ngati kupepesa, ndipo wopepesa amauza wowerenga kuti pali cholakwa. Musatchule kuti ana ndi angati, ali ndi zaka zingati, kapena kuti bambo akunyumba amagwira kuti. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu pomulemba ntchito chifukwa chakuti ndi wamkazi, ali pabanja kapena ali ndi udindo wosamalira banja. Lamulolo lilipo, koma silikhala nawo m'chipinda chosankhira muja, ndipo munthu amene sanaitanidwe ku intavyu sadziwa chimene chinamugwetsa. Mukalemba kuti wamng'ono ali ndi zaka 3, mwapereka nokha chifukwa kwa munthu amene amaganiza kale kuti mayi azijomba mwana akadwala malungo.

Palinso njira ina imene yafala masiku ano, yosandutsa ntchito yapakhomo kukhala udindo wa mu ofesi: woyendetsa chuma cha banja, wokonza ndondomeko, woyanjanitsa anthu. Ndikudziwa bwino kuti kuyendetsa khomo la ana atatu pa chaka cha njala si masewera. Koma pa CV zimenezi zimaseketsa anthu, ndipo simukufuna kuti akumbukire enivulopu yanu chifukwa chakuseka. Muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: chinthu cha m'zaka za pakhomo chilowe m'ndimeyi ngati pali munthu wakunja kwa banja lanu amene angachitire umboni, ndiponso ngati chikufanana ndi ntchito yomwe mukufunsira.

Mwa zimene mwalemba pansi pa kamutu ka zomwe mumakonda, pambali pa kuimba kwaya, pali ziwiri zomwe zikudutsa muyesowu, ndipo ndinadabwa kuti mwazibisa kumeneko. Choyamba, mwakhala mlembi wa banki m'khonde ya anthu 24 kwa zaka 4. Mlembi wa gulu lotere amalemba masheya a munthu aliyense sabata ndi sabata, ngongole zomwe zatuluka, chiwongoladzanja, thumba la zadzidzidzi, ndipo kumapeto kwa chaka amawerengera gawo la aliyense pamaso pa gulu lonse. Pa tsiku logawana buku likasiyana ndi ndalama za m'bokosi, mlembiyo sasankhidwanso. Inu anakusankhani kanayi. Kwa wolemba ntchito zimenezi zikunena kuti dzanja lanu silinaleke kulemba manambala, ndi kuti anthu amene amakudziwani bwino anakudalirani ndi ndalama zawo. Chachiwiri, namondwe wa Freddy atawononga mu Marichi 2023, munathandiza kulemba kaundula wa mabanja ndi wa ufa, zidebe ndi mabulangete pa msasa wina wa pa sukulu. Imeneyo ndi ntchito yosunga katundu yeniyeni, yogwiridwa pa nthawi yovuta, anthu ali pa mzere ndipo aliyense akuyang'ana kuti thumba lapita kwa ndani.

Pa za msasazi samalani ndi chinthu chimodzi. Lembani kuti munali wodzipereka, ndipo tchulani komiti yomwe inakuikani. Musalembe ngati munalembedwa ntchito ndi bungwe lomwe linkabweretsa ufawo. Kuno ku Chigwa cha Shire anthu a mabungwe amadziwana, amakumana pa misonkhano ya ku khonsolo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo foni imodzi yokha ndi yokwanira kuti zidziwike kuti dzina lanu silinali pa mndandanda wa antchito awo. Geni ya zitumbuwa ndi mpunga yomwe mwatchula isiyeni m'munsi. Si yochititsa manyazi, koma ndime ya mawu 70 ilibe malo a zonse, ndipo pa ntchito iyi buku la banki m'khonde likulemera kuposa geniyo.

Chiganizo chomaliza chiyankhe nkhawa yeniyeni ya wolemba ntchito. Nkhawa yake si zakale, ndi za mawa: kodi munthuyu akudziwa mmene ntchito ikuyendera pano, nanga adzapezeka tikamufuna? Pomwe munkachoka mu 2017 malo ambiri ankadalira makadi ndi mabuku. Lero ngakhale kopaletivu yaing'ono imafuna kuti lipoti la katundu likhale pa kompyuta ndi kutumizidwa pa imelo kapena pa WhatsApp. Mwalemba kuti mumadziwa kompyuta. Mawu amenewo ndi otakata kwambiri. Ngati mumatha kutsegula Excel, kulemba katundu amene analipo kale, wolowa ndi wotuluka m'mizere yake, ndi kupeza wotsala ndi kawerengedwe konga `=B2+C2-D2`, nenani kuti mumasunga kaundula wa katundu pa Excel. Ngati simungathe, musalembe kaye. Malo ambiri amakhazika munthu pa kompyuta tsiku la intavyu lomwelo kwa mphindi zochepa, ndipo palibe chowawa ngati kukhala chete pamaso pa makina CV yanu ikunena kuti mumawadziwa. Pezani wachibale kapena mnzanu amene ali ndi laputopu, mutenge buku la banki m'khonde lija mulilowetse lonse mu Excel. Pakutha milungu ingapo mudzakhala mukudziwa zokwanira ntchito ya kalaliki, ndipo mudzakhala ndi chinthu choonetsa.

Za kupezeka kwanu nenani mwachindunji, osafotokoza mmene mwakonzera zapakhomo. Nyengo yodula nzimbe kuno imayamba cha mu Epulo n'kutha cha mu Novembala, ndipo nthawi imeneyi mathirakitala ndi odula sadikira kuti ofesi itsegulidwe 8 koloko. Ngati mungathedi kugwira m'mamawa, madzulo kapena Loweruka pa nyengo imeneyi, chiganizo chimenecho chokha chimachotsa nkhawa yonse ya za ana popanda kuwatchula. Ngati simungathe, musalonjeze. Ingonenani kuti mwakonzeka kuyamba nthawi yomweyo. Tchulaninso kuti mumakhala ku Nchalo komweko ndipo mumalankhula Chisena ndi Chimang'anja. Anthu a kuno amaiwala kuti chimenechi ndi chuma. Olemba ntchito ku Chigwa amadziwa za anthu ochokera kumtunda amene amalandira ntchito, n'kupirira kutentha miyezi ingapo, kenako n'kukwera Thabwa osabwereranso. Munthu wokhazikika, wotha kumvana ndi mlimi m'chilankhulo chake pa windo la sitolo, amawapumitsa mtima.

Tikaziphatikiza zonse, ndime yanu ikhoza kumveka chonchi:

"Kalaliki wosunga katundu wa zaka 6, wa MSCE ndi satifiketi ya zosunga ndi kugula katundu. Ku Ngabu ndinkalandira, kutulutsa ndi kuwerengera mbewu, mankhwala ndi matumba za misika 9 ya thonje. Kuyambira 2017 mpaka 2025 ndinapuma kuti ndilere ana, uku ndikusunga mabuku a banki m'khonde ya anthu 24 kwa zaka 4. Ndimagwiritsa ntchito Excel, ndimalankhula Chisena ndi Chimang'anja, ndimakhala ku Nchalo, ndipo ndakonzeka kugwira maola a nyengo yodula nzimbe."

Taonani kuti ana atchulidwa kamodzi, pakati, ndipo chiganizo chomwecho chikuthera pa mabuku. Wowerenga akufika pa kupumako ataona kale zaka 6 ndi misika 9, ndipo akuchokapo ali ndi anthu 24 m'mutu. Za msasa wa Freddy ndazisiya dala m'ndimeyi kuti isatalike. Zikhale m'munsi, pa mndandanda wa ntchito, pansi pa mzere wakewake wa 2017 mpaka 2025, kuti zaka za pa CV yonse zilumikizane popanda dzenje. Koma mukadzafunsira ntchito ku bungwe lothandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, mudzasinthanitse: za msasa zikwere pamwamba, banki m'khonde itsike, ndipo za nyengo ya nzimbe zichoke. Chiganizo choyamba komanso cha kupuma chija sizisintha kwenikweni. Zosintha ndi umboni womwe mwasankha ndi mawu omalizira.

Ndakulemberani m'Chichewa dala, ndipo nanunso yambani choncho. Munthu akayamba ndi Chingelezi amathamangira mawu akuluakulu omwe anawaona pa CV ya mnzake, ndipo ndime imadzaza ndi zinthu zosagwirika. M'Chichewa simungabisale, mumangonena zomwe munkachita. Mukamaliza, isandutseni Chingelezi chosavuta, ziganizo zazifupi. Ngati mupita kwa olemba pa kompyuta pa Nchalo kapena pa Dyeratu, khalani pambali pawo. Ambiri ali ndi ndime imodzi yosungidwa kale imene amangosinthamo dzina, ndipo ndaonapo ma CV angapo pa mulu umodzi oyamba ndi mawu ofanana ndendende.

Kuti mudziwe ngati ndimeyo yagwira, phimbani dzina lanu ndi chala muipereke kwa munthu amene sakukudziwani bwino. Akawerenga kamodzi, mufunseni kuti munthu ameneyu amagwira ntchito yanji, wagwira zaka zingati, ndipo angayambe liti. Akalephera limodzi mwa mafunsowa, pamenepo ndiye pofunika kukonza. Akayamba ndi kunena kuti ndi mayi wa ana, ndiye kuti kupuma kuja kwatenga malo ambiri. Ndipo mukatumiza ku malo angapo omwe mukukwaniritsa zonse zomwe alengeza koma osaitanidwa, musathamangire kuchotsa chiganizo cha ana. Kawirikawiri vuto limakhala pa chiganizo choyamba, kuti dzina la ntchito kapena satifiketi sizikufanana ndi mawu a mu chilengezo.

Musanatumize, chilichonse chomwe chili m'ndimeyi chikhale ndi wochiikira kumbuyo. Mwa anthu atatu amene mwawalemba kuti angakuchitireni umboni, awiri ndi a ku kampani ya thonje ija, ndipo manambala awo a foni akuoneka kuti ndi a 2017. Aimbireni muone ngati akugwirabe, muwakumbutse kuti ndinu ndani ndipo muwauze ntchito yomwe mukufunsira. Wachitatu akhale wapampando wa banki m'khonde yanu m'malo mwa abusa, popeza iyeyo ndi amene angayankhe za mabuku. Mwanenanso kuti satifiketi ya MSCE inanyowa ndi madzi osefukira ndipo malemba ena sakuoneka. Yambani lero kufunsa ku MANEB ku Zomba za chikalata chotsimikizira zotsatira zanu, chifukwa zimenezi zimatenga nthawi, ndipo kopaletivuyo ikadzakuitanani idzafuna kuona pepala la chinthu chomwe chili pa mzere woyamba wa CV yanu.